Zitseko zingati kuti lendi ituluke?

Ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe, monganso ku Ndirande ku Blantyre, phokoso la sowo ndi nyundo limayamba dzuwa lisanatenthe. Pofika masana, m'mbali mwa msewu mumakhala mutayalidwa mabedi, zitseko, mafelemu ndi makabati, ndipo fungo la vanishi limasakanikirana ndi la utuchi. Munthu akaima n'kufunsa kalipentala kuti chitseko ichi chadya ndalama zingati, yankho silichedwa. Amatchula matabwa, guluu, misomali, vanishi ndi ganyu ya mnyamata amene wamuthandiza. Akawonkhetsa zimenezi amaikapo kena pamwamba, n'kunena kuti limenelo ndiye phindu.

Yankholi ndi loona, koma ndi theka chabe. Pali ndalama zina zimene sizioneka pa chitsekocho, koma zimatuluka m'thumba lomwelo mwezi ukatha. Mwini malo amafuna lendi yake. Mlonda amafuna malipiro ake. Makina nawo amakalamba, kaya agwira ntchito yambiri kapena ayi. N'chifukwa chake pali amisiri aluso ndithu, amene makasitomala sawasowa, koma chaka chikatha amapeza kuti mpamba wachepa ndipo sadziwa kumene walowera.

Zolipira za shedi iliyonse zili m'magulu awiri. Amene sawalekanitsa sangadziwe kuchuluka kwa katundu amene ayenera kupanga pa mwezi, sangadziwe oda yoyenera kulandira, ndiponso sangadziwe ngati makina atsopano angamupindulire.

Magulu awiri a ndalama

Gulu loyamba ndi la ndalama zokhazikika. Izi zimatsata kalendala. Shedi ikapanga zitseko 5 kapena 25, lendi imakhala yomweyo. Gulu lachiwiri ndi la ndalama zosintha, zimene zimatsata katundu. Chitseko chilichonse chowonjezera chimafuna matabwa akeake, guluu wake ndi vanishi wake, ndipo tsiku limene palibe chopangidwa, ndalama zimenezi sizituluka.

Pali funso limodzi losavuta lolekanitsira maguluwa. Mmisiri adzifunse kuti: mwezi uno ndikapanda kupanga kanthu, kodi ndalama iyi ndilipirabe? Ngati yankho ndi inde, ndi yokhazikika. Ngati ndi ayi, ndi yosintha.

Tiyerekeze shedi yaing'ono ku Mchesi imene imapanga zitseko za paini. Muli mwini wake, wothandiza mmodzi wolembedwa pa mwezi, ndi anyamata a ganyu amene amalipidwa pa chitseko chilichonse chimene amaliza. Mitengo imene tigwiritse ntchito ndi yachitsanzo, yosankhidwa kuti masamu ayende bwino, ndipo aliyense angaikemo mitengo ya kumsika kwawo.

Pa mwezi, lendi ya shediyi ndi K150,000. Wothandiza amalandira K130,000. Mlonda amasonkherana ndi mashedi oyandikana nawo, ndipo gawo la shediyi ndi K40,000. Layisensi ya kukhonsolo imalipidwa kamodzi pa chaka, K120,000, zomwe zikagawidwa pa miyezi 12 zimakhala K10,000 pa mwezi. Pali ngongole imene chiwongoladzanja chake ndi K30,000 pa mwezi.

Zatsala ziwiri zimene anthu ambiri amaiwala. Choyamba ndi kutha kwa zida. Sowo ya magetsi, chiboolero ndi makina osalalitsira zinagulidwa pa K2,400,000, ndipo mwini wake akuyembekezera kuti zigwira ntchito zaka 5, kapena kuti miyezi 60. Ndiye kuti mwezi uliwonse zidazi zikutha K40,000. Palibe amene amabwera kudzatolera ndalama imeneyi, koma tsiku limene sowo idzapserere, ndalama yogulira ina idzafunika yonse pakamodzi. Chachiwiri ndi malipiro a mwini shedi. Iye amadya, amalipira nyumba ndi fizi ya ana, ndipo ndalamazo amazitenga m'shedi momwemo. Akanapita kukalembedwa ntchito kwina akanalandira malipiro. Tinene kuti amadzilipira K200,000.

Zonse pamodzi zikukwana K600,000. Ndalama imeneyi imayamba kuwerengedwa pa 1 mwezi uliwonse, thabwa ngakhale limodzi lisanadulidwe.

Tsopano chitseko chimodzi. Matabwa ndi K42,000. Shediyi ilibe makina opalira, choncho imakapalitsa kwa ena pa K5,000. Guluu, misomali ndi sandipepala ndi K5,000, vanishi K6,000, mayunitsi a magetsi K2,000, ndipo ganyu ndi K10,000. Zonse ndi K70,000. Chitsekocho chimagulitsidwa K110,000.

Chotsala si phindu

Kuchotsa K70,000 pa K110,000 kumatsala K40,000. Apa ndi pamene amisiri ambiri amasokonekera, chifukwa ndalama imeneyi amaitcha phindu n'kuyamba kuidya. Komatu ili ndi ntchito yoti igwire kaye. K40,000 ya chitseko choyamba ikupita kukachepetsa K600,000 ija. Ya chitseko chachiwiri chimodzimodzi. Zili ngati kuthira madzi mumtsuko ndi chikho: madzi sasefukira mpaka mtsukowo utadzaza, ndipo phindu ndi madzi osefukirawo.

Kuti tidziwe zitseko zofunika, tigawe K600,000 ndi K40,000. Yankho ndi 15. Zitseko 15 zoyamba za mwezi zimagwirira ntchito mwini malo, mlonda, wothandiza, khonsolo, wobwereketsa ndalama ndi pakhomo pa mwini shedi. Chitseko cha nambala 16 ndicho choyamba kusiya phindu, ndipo chimasiya K40,000 yonse, chifukwa zokhazikika zalipidwa kale.

Shedi ikagulitsa zitseko 10, chotsala chonse ndi K400,000, ndipo mweziwo yaluza K200,000. Ikagulitsa 20, chotsala ndi K800,000, phindu K200,000. Ikafika pa 30, pomwe ndi pothera mphamvu za benchi ndi manja amene alipo, phindu ndi K600,000. Taonani kuti kuchoka pa zitseko 20 kufika pa 30 ntchito yawonjezereka ndi theka, koma phindu lachuluka katatu. Kubwerera m'mbuyo nakonso n'kowawa chimodzimodzi: kutsika kuchoka pa 20 kufika pa 15 kumafafaniza phindu lonse, ngakhale kuti makasitomala amene achepa ndi asanu okha.

Mwezi wa zitseko 10 ndiwo umanyenga kwambiri. M'manja mwa mwini shedi mwadutsa K1,100,000, ndipo tsiku lililonse m'thumba munali kanthu. Kuluzako kumabisala. Kumaonekera pa lendi imene yalipidwa mochedwa, pa K40,000 ya zida imene sinasungidwe, ndi pa dipoziti ya kasitomala wa mwezi wamawa imene yagwiritsidwa ntchito kumalizira oda ya mwezi uno. Shedi ikayamba kugulira matabwa a kasitomala mmodzi ndi dipoziti ya kasitomala wina, kawirikawiri ndiye kuti yakhala miyezi ingapo isakufika pa nambala yake.

Mtengo wa chitseko si umodzi

Funso lija la pamsewu, loti chitseko chadya ndalama zingati, lilibe yankho limodzi. Zosintha n'zodziwika, K70,000. Koma gawo la zokhazikika limene chitseko chilichonse chikusenza limadalira kuti zitseko zilipo zingati. Pa mwezi wa zitseko 10, chilichonse chikusenza K60,000, ndiye mtengo wake wonse ndi K130,000. Pa mwezi wa zitseko 20 chikusenza K30,000, mtengo wake K100,000. Pa mwezi wa zitseko 30 chikusenza K20,000 yokha, mtengo wake K90,000.

Ndi chitseko chomwecho, matabwa omwewo, mmisiri yemweyo. Ichi n'chifukwa chake shedi yaikulu yotanganidwa imatha kugulitsa motchipa kuposa yaing'ono koma osaluza. Ndiponso n'chifukwa chake mmisiri amene wakweza mtengo malonda atachepa, pofuna kuti lendi ituluke, nthawi zina amangokulitsa vuto. Makasitomala ochepawo amathawira kwa mnzake wa pafupi, zitseko zimacheperachepera, ndipo katundu wa chitseko chilichonse amalemera kuposa kale.

Oda yotchipa: kulandira kapena kukana?

Malonda a zitseko ali ndi nyengo zake. Mvula ikamagwa, anthu ambiri amaimitsa zomangamanga, ndalama zimapita ku feteleza ndi chakudya, ndipo January ndi February amakhala owuma m'shedi. Zinthu zimayamba kusintha misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu cha m'ma April, alimi akayamba kugulitsa zokolola, ndiponso chilimwe chikalola anthu kuumba njerwa ndi kumanga.

Tinene kuti mu February shedi ija ili ndi maoda a zitseko 12 zokha. Chotsala ndi K480,000, ndiye mweziwo ukupita koluza K120,000. Kenako pakubwera kontirakitala amene akumanga nyumba za lendi. Akufuna zitseko 10, koma akuti sangapitirire K90,000 pa chimodzi.

Mwini shedi amene amadziwa kugawa zokhazikika angawerenge kuti mwezi umenewo chitseko chikumudyera K120,000, n'kukana nthawi yomweyo. Atalakwitsa. Lendi ndi malipiro a mwezi sizikwera chifukwa cha oda imeneyi. Ndalama zatsopano zimene zituluke ndi K70,000 pa chitseko basi. Chilichonse chisiya K20,000, ndipo zitseko 10 zisiya K200,000. Mwezi umene unali woluza K120,000 usanduka wa phindu la K80,000.

Kontirakitala yemweyo akabwera mu August, nkhani yasintha. Nthawi imeneyo benchi yadzaza, maoda a zitseko 30 pa mtengo wa K110,000 alipo kale. Kuti apange 10 za kontirakitala, ayenera kubweza makasitomala 10 amene aliyense akanasiya K40,000. Akhala akusinthanitsa K400,000 ndi K200,000. Oda imene inali yopulumutsa mu February ndi yoluzitsa mu August, ngakhale mtengo ndi womwewo.

Ngakhale mu February, pali zofunika kuyang'ana asanagwirane chanza. Ngati kontirakitala akufuna kuti zitsekozo zikatulidwe pamalo pake, mtengo wa galimoto uchotsedwe pa K200,000 ija. Ngati akufuna mahinjesi ndi maloko, zimenezo n'zosintha zatsopano. Ngati adzalipira pakatha miyezi iwiri, mwini shedi afunika K700,000 yakeyake yogulira zipangizo, ndipo akaitenga ku katapila, chiwongoladzanja chingameze chotsala chonse. Komanso mbiri imayenda msanga pamsika. Makasitomala a masiku onse akamva kuti chitseko chatuluka pa K90,000, sadzavomeranso K110,000. Amisiri ochenjera amasiyanitsa katundu wa oda yotere, mwina pomusiya wosapaka vanishi kapena posintha kapangidwe, kuti mitengo iwiriyo isafanizidwe.

Pali malire amene sadumphika. Mtengo uliwonse wochepera K70,000 ndi woluzitsa nyengo ina iliyonse, chifukwa chitseko chilichonse chimachotsa ndalama m'thumba. Ndipo K90,000 ikasanduka mtengo wa masiku onse, chotsala cha K20,000 chifuna zitseko 30 kuti zokhazikika zilipidwe, kutanthauza kugwira ntchito mwezi wathunthu popanda phindu.

Masamu omwewa amayankha funso lina limene limabwera nthawi ya mvula, loti kodi si bwino kutseka shedi kwa mwezi umodzi. Ngati pali maoda a zitseko 5, chotsala ndi K200,000, ndipo kuluza ndi K400,000. Akatseka, koma akusungabe malo, wothandiza ndi mlonda, kuluza ndi K600,000 yonse. Kutseka kumathandiza pokhapokha ngati kukuimitsadi zina mwa zokhazikikazo.

Lendi ikakwera, matabwa akakwera

Mwini malo akabwera n'kunena kuti lendi yakwera ndi K40,000, mwini shedi amadandaula sabata yathunthu. Wogulitsa matabwa akawonjezera pang'ono pa thabwa lililonse, moti chitseko chimodzi n'kukwera ndi K10,000, amangong'ung'udza n'kulipira. Koma chachiwirichi n'chimene chimapweteka kwambiri.

Lendi ikakwera, zokhazikika zikhala K640,000. Kugawa ndi K40,000 kukupereka 16. Chitseko chimodzi chowonjezera chathetsa nkhaniyo. Matabwa akakwera, zosintha zikhala K80,000, chotsala chitsika kufika pa K30,000, ndipo K600,000 ifuna zitseko 20. Ndi zitseko zisanu zowonjezera mwezi uliwonse kuti shedi ingoima pamene inali. Mwezi wa zitseko 20, umene unkasiya K200,000, tsopano susiya kanthu.

Izi si nkhambakamwa kwa amisiri a m'Malawi. Matabwa ambiri a paini akhala akuchokera ku nkhalango ya Chikangawa kumapiri a Viphya, imene inabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000. Moto wolusa ndi kudula mitengo mopitirira kubzala zinaichepetsa kwambiri, ndipo matabwa akasowa mtengo umakwera. Pamwamba pa izo pali ndalama ya kwacha, imene inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Guluu, vanishi, sandipepala, mahinjesi ndi maloko zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zakunja, choncho mitengo yake inalumpha m'masiku ochepa. Mafuta a galimoto zonyamula matabwa nawo anakwera. Lendi ndi malipiro zimatsatira pambuyo, pang'onopang'ono.

Amene anavulala kwambiri pa nthawi zoterezi ndi amisiri amene anali atagwirizana kale mtengo ndi kasitomala, atalandira dipoziti, koma zipangizo asanagule. Pali njira ziwiri zodzitetezera. Yoyamba ndi kuika dipoziti yokwanira zipangizo zonse, n'kuzigula tsiku lomwelo. M'chitsanzo chathu, matabwa, kupalitsa, guluu, misomali, sandipepala ndi vanishi zikukwana K58,000, zomwe zikupitirira theka la mtengo wa chitseko, choncho dipoziti ya theka, K55,000, ikuperewera. Yachiwiri ndi kuuza kasitomala kuti mtengo umene watchulidwa ugwira ntchito kwa masiku owerengeka okha.

Palinso njira ina imene zosintha zimakwerera popanda wogulitsa kukweza mtengo. Matabwa aawisi amatchipa, koma chitseko chopangidwa ndi matabwa osauma chimapindika kapena kutsegula mipata m'malumikizidwe pakapita masabata angapo. Kasitomala akachibweza, zipangizo ndi ganyu zimalipidwa kawiri. Ngati pa zitseko 10 zilizonse chimodzi chikubwerera kudzapangidwanso, K70,000 imeneyo igawidwe pa zitseko 10, ndipo chilichonse chakwera ndi K7,000. Matabwa a mfundo zambiri ndi ong'aluka amachitanso zomwezo. Mulu wa zidutswa pakona pa shedi ukamakula msanga, ndiye kuti K42,000 ya matabwa ija siikukwanira chitseko.

Zolipira zokhala pakati

Si ndalama zonse zimene zimalowa bwinobwino m'gulu limodzi. Magetsi ndi chitsanzo. Babu lounikira usiku limadya mayunitsi kaya shedi yagwira ntchito kapena ayi, pomwe sowo imadya ikamadula. Njira yolekanitsira ndi kuyerekeza miyezi iwiri. Ngati mwezi wa zitseko 10 unadya mayunitsi a K28,000, ndipo wa zitseko 25 unadya a K58,000, kusiyana kwa K30,000 kwabwera ndi zitseko 15, ndiye chitseko chimodzi ndi K2,000. Pa mwezi wa zitseko 10, K20,000 inali ya zitseko ndipo K8,000 yotsalayo ndi yokhazikika, yoyenera kulembedwa pamodzi ndi lendi.

Antchito nawo angakhale mbali iliyonse, malinga ndi mgwirizano. Wolembedwa pa mwezi ndi wokhazikika. Wa ganyu ndi wosintha. Ganyu imapeputsa shedi m'miyezi yowuma, koma ili ndi mtengo wake: mu August, pamene shedi iliyonse ikufuna manja, mnyamata waluso amapita kumene akulipira bwino, ndipo wolipidwa pa chitseko amafulumira kumaliza kuposa kusamala.

Zokhazikika nazonso zimangokhazikika mpaka pamlingo wina. Shedi ija ikafuna kupitirira zitseko 30, ifunika benchi yachiwiri, malo okulirapo ndi wothandiza wina. Tinene kuti zimenezi zikuwonjezera K240,000 pa mwezi. Ndalama imeneyi ikufuna zitseko 6 kuti ilipidwe. Ndiye shedi yokulitsidwa ikagulitsa zitseko 33, ipeza K480,000, pomwe isanakule inkapeza K600,000 pa zitseko 30. Kukula kumayamba kupindula pokhapokha maoda akapitirira 36, ndipo azipitirira miyezi yambiri, chifukwa lendi ya malo okulirapowo idzafunikanso mu February.

Makina opalira

Mmisiri aliyense amene amanyamula matabwa pa wilibala kupita nawo kokapalitsa amalakalaka tsiku limene adzakhale ndi makina ake. Kugula makina ndi kusandutsa ndalama yosintha kukhala yokhazikika, ndipo ubwino kapena kuipa kwake kumadalira kuchuluka kwa katundu.

Tinene kuti makinawo ndi K4,800,000 ndipo akhala zaka 5. Pa mwezi akutha K80,000. Kunoletsa mipeni yake, malamba ndi kukonzetsa kukuwonjezera K20,000. Zokhazikika zakwera ndi K100,000. Pa chitseko chilichonse K5,000 yopalitsira yapulumuka, koma magetsi akwera ndi K1,000, ndiye chopulumuka chenicheni ndi K4,000. Kuti K100,000 ibwerere pafunika zitseko 25 pa mwezi.

Pa zitseko 30, makinawo akuwonjezera phindu ndi K20,000 yokha. Pa zitseko 20 akulichepetsa ndi K20,000. Pa mwezi woipa wa zitseko 10, kuluza kukukwera kuchoka pa K200,000 kufika pa K260,000. Kwa shedi imene miyezi yambiri imapanga zitseko pafupifupi 20, makinawo paokha sakudzilipira, ndipo apa sitinawerengere chiwongoladzanja ngati agulidwa pa ngongole. Angapindule ngati atamapaliranso amisiri ena pa mtengo, kapena ngati nthawi imene inkatayika pa mzere kokapalitsa ingasanduke zitseko zina zoti zili ndi ogula.

Magetsi nawo ayenera kulowa m'masamuwa. Mu January 2022, namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka cha 2023. Kwa nthawi yonseyo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Shedi yodalira makina inkalipirabe ngongole ndi lendi makinawo ali chete. Imene inagula jenereta inawonjezera zokhazikika, kenako mafuta n'kukweza zosintha. Shedi yolemedwa ndi zokhazikika imapindula kwambiri zinthu zikamayenda, koma ndiyo imayamba kugwa ntchito ikaima.

Kukonza chaka chonse

Popeza miyezi silingana, nambala ya mwezi iyenera kukhala ndi inzake ya chaka. Zokhazikika za shedi ija pa chaka ndi K7,200,000, zomwe zikufuna zitseko 180. Tinene kuti m'miyezi 4 ya mvula imagulitsa 10 pa mwezi, m'miyezi 4 yapakati 18, ndipo m'miyezi 4 ya chilimwe 28. Zonse ndi 224. Zopitirira 180 ndi 44, ndiye phindu la chaka ndi K1,760,000.

M'miyezi inayi ya chilimwe shediyi imapeza K520,000 pa mwezi, koma miyezi inayi ya mvula imadya K200,000 uliwonse. Ndiye pa ndalama za chilimwe, K800,000 ili kale ndi mwini wake, ndipo iyenera kusungidwa isanafike December. Kwinaku K40,000 ya zida iziikidwa padera mwezi uliwonse, kubanki kapena ku banki mkhonde, ndipo iziwonjezeredwa mitengo ikakwera, chifukwa sowo ya zaka zisanu zikubwerazo sidzagulidwa pa mtengo wa lero.

Nanga bwanji osapangiratu zitseko zambiri nthawi ya mvula, poti kuchuluka kumatsitsa mtengo wa chimodzi? Papepala zimaoneka bwino, koma chitseko chimasiya chotsala chikagulitsidwa, osati chikapangidwa. Zitseko 20 zoimikidwa kukhoma ndi K1,400,000 imene yatuluka m'mwezi umene ndalama n'zosowa kale, ndipo chinyezi cha dzinja chingazipinde zisanapeze wogula. Kupangiratu kumathandiza pa chifukwa chimodzi: ngati mwini shedi akudziwa kuti mu August amabweza makasitomala chifukwa benchi yadzaza. Zikatero, zitseko za muyeso wodziwika zopangidwa mu April kapena May, matabwa atauma, zimadzagulitsidwa pa mtengo wathunthu pakangopita miyezi yochepa.

Zonsezi sizifuna kompyuta. Kope la sukulu ndi lokwanira. Tsamba loyamba likhale la zokhazikika za mwezi, kuphatikizapo malipiro a mwini wake ndi kutha kwa zida. Tsamba lachiwiri likhale la zosintha za mtundu uliwonse wa katundu, chitseko pachokha, bedi palokha, felemu payokha, ndipo lizikonzedwanso nthawi iliyonse imene matabwa agulidwa pa mtengo watsopano. Shedi yopanga katundu wosiyanasiyana siwerenga zitseko zokha. Imalemba chotsala cha chinthu chilichonse chogulitsidwa, n'kumawonkhetsa tsiku ndi tsiku mpaka chifike pa K600,000.

Tsiku limene chiwonkhetsocho chafika pamenepo lilembedwe. Ngati mwezi ndi mwezi likugwa cha pa 15, shedi ili ndi mpata wolandira wophunzira ntchito kapena kuganizira za makina. Ngati likusunthira ku 25, mwini wake abwerere pa tsamba lachiwiri n'kuona chimene chakwera, kenako asankhe pakati pa kukweza mtengo, kusintha kogula matabwa, kapena kugawana shedi ndi mmisiri mnzake kuti lendi ndi mlonda azilipira awiri.